Makalata atatu okumbutsa ngongole ya invoyisi: mmene mungalimbikitsire mawu popanda kutaya ulemu

Aliyense amene amapereka katundu pa ngongole ku masukulu, kumalo ogona alendo kapena kumaofesi muno mu Zomba amalidziwa yankho lakuti “bwerani sabata yamawa, abwana sanasayine.” Yankho limeneli likabwerezedwa katatu kapena kanayi, ambiri timachita chimodzi mwa zinthu ziwiri: kukhala chete poopa kutaya kasitomala, kapena kupsa mtima n’kulemba uthenga waukali umene timadzanong’oneza nawo bondo. Njira imene ndikufotokoza pano ndi ya makalata atatu otsatizana, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yakuti kalata imalimba chifukwa cha masiku, manambala ndi munthu amene mukumulembera, pamene mawu aulemu amakhala omwewo kuyambira kalata yoyamba mpaka yachitatu.

Ndigwiritsa ntchito nkhani imene inachitika pa bizinesi yathu yogulitsa mpunga ndi nyemba. Pa 4 Malichi tinapereka ku sukulu ina yogonera komweko, yomwe si yaboma, matumba 10 a mpunga a makilogalamu 50 pa mtengo wa K120,000 thumba limodzi, ndi matumba 4 a nyemba pa K160,000 thumba limodzi. Zonse pamodzi zinakwana K1,840,000, ndipo tinalemba invoyisi nambala 0147 yopereka masiku 30, kutanthauza kuti ndalama zinayenera kulipidwa pofika pa 3 Epulo. Mpungawo tinali titaugula ndi ndalama zathu kwa alimi a kufupi ndi nyanja ya Chilwa, amene sadziwa zodikira masiku 30. Tsiku la 3 Epulo linafika n’kudutsa, ku akaunti kuli zii.

Musanalembe chilichonse

Choyamba, yalani mapepala patebulo ndipo mudzifufuze nokha musanaloze munthu chala. Payenera kukhala chikalata chimene anaodera katunduyo, chikalata chimene anasayina polandira katundu, ndi kope la invoyisi. Onani ngati invoyisiyo ili ndi tsiku lenileni lolipirira. Ngati munangolemba tsiku limene munapereka katundu osanena kuti ndalama zilipidwe liti, kudzakhala kovuta kunena kuti munthuyo wachedwa, ndipo kalata yanu yoyamba iyenera kuyamba yaika tsikulo. Kenako onani sitetimenti ya ku banki ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa si zachilendo kuti ndalama zilowe m’dzina la mlembi kapena dalaivala amene anatumidwa, inu n’kumaganiza kuti sizinabwere. Palibe chochititsa manyazi ngati kukumbutsa ngongole munthu amene ali ndi lisiti m’manja.

Ngati ndalama zalowa koma zaperewera pang’ono, musafulumire kunena kuti akuberani. Mabungwe ambiri amadula msonkho umene lamulo limawauza kudula polipira amene awagulitsa katundu, n’kuutumiza ku Malawi Revenue Authority. Zikatero chimene muyenera kupempha ndi satifiketi yosonyeza msonkho umene wadulidwawo.

Chachiwiri, dziwani amene amagwira ndalama. Amene anakuimbirani foni pooda katundu nthawi zambiri ndi woyang’anira kukhitchini kapena wosunga sitolo, koma iyeyo alibe mphamvu yotulutsa ngakhale tambala imodzi. Pasukulu ndalama zimadutsa kwa a basala, amene amasunga ndalama za sukulu, kenako kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo kumapeto kwa mwini sukulu kapena komiti. Makwerero amenewa ndi amene makalata anu atatu adzakwere limodzi ndi limodzi.

Kalata yoyamba: kukumbutsa, ndi kufunsa ngati pali chatsekereza

Kalata yoyamba muitumize patapita masiku asanu ndi awiri kuchokera tsiku lolipirira. Kulemba tsiku lotsatira lenilenilo kumaoneka ngati munali mutabisalira munthu pangodya, pamene kudikira mwezi wathunthu kumamuphunzitsa kuti masiku 30 anu amatanthauza masiku 60. Kalata imeneyi imalembedwa ndi mtima woganiza kuti munthuyo wangoiwala, kapena kuti pepala lina lasochera, ndipo nthawi zambiri zimakhaladi choncho. Ife tinalemba pa 10 Epulo motere:

> Kwa a Basala,
>
> KUKUMBUTSA ZA INVOYISI NAMBALA 0147
>
> Tikukupatsani moni, ndipo tikuthokoza chifukwa chopitiriza kugula katundu kwa ife.
>
> Tikufuna kukukumbutsani za invoyisi nambala 0147 ya pa 4 Malichi, ya matumba 10 a mpunga ndi matumba 4 a nyemba, yokwana K1,840,000, imene inayenera kulipidwa pofika pa 3 Epulo. Malinga ndi mabuku athu, ndalamazi sitinazilandire. Taphatikiza kope la invoyisiyo ndi la chikalata chimene chinasayinidwa polandira katundu.
>
> Ngati pali pepala limene likusowa, kapena pali vuto lililonse ndi katunduyo, chonde tidziwitseni kuti tikonze msanga. Ngati mwalipira kale, tikupempha kuti mutitumizire umboni wake kuti tikonze mabuku athu.
>
> Ndife anu.

Pansi pake tinalemba dzina la bizinesi, nambala ya foni, ndi nambala ya akaunti ya ku banki. Nambala ya akauntiyo muibwereze m’kalata iliyonse, kuti munthu amene wakonzeka kulipira asachedwenso n’kufunafuna invoyisi m’mafayilo.

Onani mawu akuti “malinga ndi mabuku athu.” Mawuwa amasiya mpata woti mwina olakwa ndi inu, choncho wolandira kalatayo sayamba ndi kudziteteza. Onaninso kuti mulibe kupepesa. Ambiri amayamba ndi “pepani kuti tikukuvutitsani,” poganiza kuti ndiwo ulemu, koma mawu otere amasandutsa ndalama zanu kukhala chithandizo chimene mukupempha. Ulemu uli m’moni, m’kuthokoza ndi m’mawu akuti “chonde,” ndipo zimenezo n’zokwanira. Mulibenso kudandaula za mavuto anu. Mukalemba kuti ana akufuna fizi kapena kuti lendi ya shopu yakwana, a basala adzakumverani chisoni, koma adzadziwanso kuti mungalandire kalikonse kamene angakupatseni.

Chiganizo chofunsa ngati pali vuto ndi katunduyo chili ndi ntchito ina imene imadzaoneka patsogolo. Munthu amene anapatsidwa mpata wodandaula mu Epulo n’kukhala chete, sangamvereredwe msanga akadzanena mu Juni kuti nyembazo zinali zofumbwa.

Kwa ife, kalatayi inavumbula chinthu chimene sitikanachidziwa. A basala anaimba foni patapita masiku awiri n’kunena kuti invoyisi anali nayo, koma chikalata cholandirira katundu chinali chisanachoke kwa wosunga sitolo, amene anali atapita kwawo popeza sukulu inali patchuthi, ndipo popanda chikalatacho iwo sakanatha kukonza zolipira. Kope limene tinaphatikiza linathetsa vuto limenelo, ndipo anatilonjeza kuti zitheka “posachedwa.” Tsiku lomwelo ndinawatumizira uthenga wachidule pa WhatsApp wothokoza, wobwereza zimene tinakambirana pafoni, ndi tsiku lake. Chizolowezi chimenechi n’chofunika pa foni iliyonse yokhudza ngongole, chifukwa mawu apakamwa sasiya mkwaso.

Kalata yachiwiri: kupempha tsiku lenileni

Patapita masabata awiri kuchokera pa kalata yoyamba, ngati ndalama sizinalowe, mulembe yachiwiri. Pano simukuganizanso kuti munthu waiwala, chifukwa mwamukumbutsa kale. Chimene chatsala ndi chimodzi mwa ziwiri: alibe ndalama, kapena ali nazo koma akuyamba kulipira ena amene akuwaopa kuposa inu. Kalata yachiwiri imathandiza kusiyanitsa ziwirizi, chifukwa imapempha chinthu chimene ngakhale wopanda ndalama angathe kupereka, chomwe ndi tsiku lolembedwa.

Zinthu zitatu zimasintha. Kalatayi imatchula kalata yoyamba ndi zimene zinalonjezedwa, imawerenga masiku amene apita, ndipo kope lake limapita kwa munthu wapamwamba pang’ono. Tinalemba pa 24 Epulo, teremu yachitatu itangotsegulidwa, ndipo sitinasankhe nthawiyo mwangozi. Sukulu imakhala ndi ndalama m’masabata oyambirira a teremu pamene makolo akulipira fizi, ndipo amene kalata yake ili pamwamba pa tebulo nthawi imeneyo ndi amene amalipidwa. Mwini malo ogona alendo amakhala nazo msonkhano waukulu ukangotha, ndipo munthu wapantchito amakhala nazo kumathero kwa mwezi. Phunzirani nyengo ya kasitomala wanu, ndipo ngati pafunika kusuntha kalata ndi masiku awiri kapena atatu kuti igwere pa nyengoyo, isuntheni.

> Kwa a Basala,
>
> KALATA YACHIWIRI: INVOYISI NAMBALA 0147, K1,840,000
>
> Tikukupatsani moni.
>
> Pa 10 Epulo tinakulemberani kukukumbutsani za invoyisi imeneyi, ndipo pa 12 Epulo munatiuza pafoni kuti mapepala onse akwanira tsopano. Lero papita masiku 21 kuchokera pa 3 Epulo, tsiku limene ndalamazi zinayenera kulipidwa, ndipo sitinalandire kanthu.
>
> Tikupempha kuti ndalamazi zilipidwe pofika pa 2 Meyi. Ngati simungathe kulipira zonse pofika tsiku limeneli, tilembereni kutiuza ndalama zimene mungapereke ndi masiku amene mudzazipereke, kuti tigwirizane dongosolo lolembedwa. Tikudziwitsaninso kuti katundu wina wa ngongole tidzayamba kupereka invoyisi imeneyi ikalipidwa, kapena tikagwirizana dongosolo lotero.
>
> Tikuyamikira ubale umene ulipo pakati pathu, ndipo tikufuna upitirire.
>
> Ndife anu.
>
> Kope: Mphunzitsi Wamkulu

Mawu akuti “posachedwa,” “mwamsanga” kapena “sabata ino” musawalole kulowa m’kalata imeneyi. Munthu akhoza kukangana nanu za tanthauzo la “mwamsanga,” koma sangakangane nanu za 2 Meyi. Mawu akuti “malinga ndi mabuku athu” achokanso, chifukwa tsopano mbali zonse zikudziwa kuti ndalama sizinalipidwe.

Nkhani ya kope imafuna kusamala, chifukwa apa ndi pamene ubale umatha kusweka. A basala ndi munthu amene mudzakumane nayenso chaka chamawa, mwinanso mumapemphera mpingo umodzi kapena mumakumana mumsika waukulu Loweruka lililonse, popeza Zomba ndi mzinda woti anthu amadziwana. Akangoona dzina la bwana wawo pansi pa kalata mosayembekezera, amamva ngati mwawanenera. Choncho ine ndimayamba ndawaimbira foni. Tsiku limenelo ndinati, “Bambo, ndikubweretsa kalata ina, ndipo kope ndipereka kwa a hedi kuti mwina akuthandizeni kufulumizitsa siginecha.” Anayankha kuti, “Zili bwino mayi, ndiponso zindithandiza, chifukwa ine ndinakonza kale mapepala, angokhala pamwambapo.” Kawirikawiri amene mumamuona ngati wokutsekerezani amakhala kuti nayenso akudikira, ndipo kalata yanu imamupatsa chonyamula akamapita kwa abwana ake.

Kalata yachiwiri ndi yachitatu muzipereke pamanja, mutanyamula makope awiri. Limodzi musiye, linalo alembepo tsiku, asayine, ndipo ngati ofesiyo ili ndi chidindo adinde. Kutumiza chithunzi cha kalatayo pa WhatsApp kapena pa imelo n’kothandiza kuti ifike msanga, koma foni imatayika kapena kuwonongeka, pamene pepala lodindidwa limakhala mufayilo zaka zambiri. Ngati akukana kusayina, musakangane nawo. Lembani pa kope lanu tsiku, nthawi ndi udindo wa munthu amene mwamusiyira, ndipo ndi bwino kukhala ndi mnzanu amene waona.

Za kuimitsa katundu wa ngongole, lembani pokhapokha ngati mudzaimitsadi. Kumayambiriro kwa teremu sukulu imafuna chakudya kwambiri, ndipo sipalephera kubwera foni yopempha matumba ena asanu “kuti tidzalipire zonse pamodzi.” Mukavomera, ngongole ya K1,840,000 imasanduka ya K2,440,000, ndipo mwaonetsa kuti zimene mumalemba sizichitika. Ife foni imeneyo inabweradi, ndipo tinayankha mwaulemu kuti mpunga ulipo ndipo tikhoza kubweretsa tsiku lomwelo ngati alipira matumba asanuwo pompopompo.

Pa 30 Epulo ku akaunti kunalowa K600,000, popanda kalata kapena foni. Ndalama yapang’ono yotere imasangalatsa mtima, koma imagonekanso tulo, chifukwa munthu umachita manyazi kukumbutsanso amene wangokupatsa kumene. Chofunika kuchita ndi kulemba lisiti tsiku lomwelo, n’kulembapo momveka kuti ndalamazi ndi gawo chabe la invoyisi 0147 ndipo zatsala K1,240,000. Musasayine pepala lililonse lonena kuti mwalandira ndalamazo monga malipiro omaliza. M’uthenga wothokoza tinafunsanso tsiku la zotsalazo. Yankho silinabwere, ndipo 2 Meyi inadutsa.

Kalata yachitatu: tsiku lomaliza ndi chimene chidzatsatire

Kalata yachitatu ndi imene iyenera kulembedwa mtima uli m’malo. Ngati mwakwiya, ilembeni madzulo n’kuiwerenganso m’mawa musanaitumize. Muilembe mukudziwa kuti tsiku lina ikhoza kuwerengedwa ndi majisitireti amene sakukudziwani inu kapena kasitomala wanuyo, ndipo mufune kuti akamaliza kuwerenga aone munthu amene anadikira, anapereka mpata, ndipo sanatukwane.

Imeneyi imapita kwa munthu amene ali ndi mphamvu yomaliza, ndipo makope amapita kwa amene munawalembera kale. Tinalemba pa 8 Meyi:

> Kwa Mwini Sukulu,
>
> KALATA YOMALIZA: NDALAMA ZOTSALA PA INVOYISI NAMBALA 0147, K1,240,000
>
> Wolemekezeka Bambo,
>
> Pa 4 Malichi tinapereka ku sukulu yanu mpunga ndi nyemba za K1,840,000, zoyenera kulipidwa pofika pa 3 Epulo. Tinalemba makalata okumbutsa pa 10 Epulo ndi pa 24 Epulo. Pa 30 Epulo tinalandira K600,000, ndipo tikuthokoza. Ndalama zotsala ndi K1,240,000, ndipo lero papita masiku 35 kuchokera tsiku lolipirira.
>
> Tikupempha kuti ndalama zotsalazi zilipidwe pofika pa 22 Meyi. Tsikuli likadutsa tisanalandire ndalamazi, komanso tisanasayinirane dongosolo lolipirira, tidzatengera nkhaniyi ku khoti popanda kulembanso kalata ina, ndipo tidzapempha khotilo kuti ndalama zimene tidzawononge pa mlanduwo zilipidwe ndi sukulu.
>
> Chimene tikufuna ndi chakuti nkhaniyi ithe pakati pathu, ndipo ndife okonzeka kukumana nanu tsiku lililonse pasanafike pa 22 Meyi.
>
> Ndife anu.
>
> Makope: Mphunzitsi Wamkulu, a Basala

Ndime yoyamba ndi mbiri yonse m’mizere isanu, chifukwa n’kutheka kuti mwini sukuluyo akumva nkhaniyi koyamba. Mulibe mawu oweruza khalidwe la munthu. Sitinalembe kuti “mwatinamiza” kapena “mukutizemba,” ngakhale kuti mumtima tinkaganiza choncho, popeza masiku amene tandandalikawo akunena okha zimenezo mwamphamvu kuposa mmene ife tikananenera. Ngakhale K600,000 ija tinaithokoza, pakuti inalidi ndalama ndipo tinailandira.

Masiku 14 ndi amene ndimaona kuti ndi oyenera kwa bungwe limene ndalama zake zimafuna anthu awiri kapena atatu kusayina. Kwa munthu payekha masiku 7 akhoza kukwanira. Kupereka maola 24 kumamveka mwamphamvu, koma si sukulu iliyonse imene ingatulutse ndalama zoposa miliyoni pa tsiku limodzi, ndipo mumangodzikakamiza kuchita chinthu musanakonzeke kapena kubwerera m’mbuyo anthu akuona.

Chiwongoladzanja n’chimene chimasokoneza ambiri. Mtima umafuna kuwonjezerapo kenakake, makamaka kwa ife amene tinaona zimene zinachitika mu Novembala 2023, pamene Reserve Bank of Malawi inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo ndalama zimene zinali m’manja mwa okongola zinadzabwera zosakwaniranso kugula katundu amene tinagulitsa. Komabe simungadzuke n’kuwonjezera 10 peresenti m’kalata yachitatu ngati simunagwirizane zimenezo poyamba. Kutero kumapatsa wokongolayo nkhani yatsopano yokangana nayo, ndipo ngongole yeniyeni imaiwalika. Ngati mukufuna chiwongoladzanja pa ndalama zochedwa, chilembedwe pa pepala la mitengo ndi pa invoyisi katundu asanatuluke, ndipo kasitomala asayine. Pa invoyisi 0147 sitinalembe, choncho sitinachitchule.

Pali zinthu ziwiri zimene siziyenera kulowa m’kalatayi. Choyamba ndi kuopseza ndi apolisi. Ngongole ya malonda imene munthu anatenga poyera n’kulephera kubweza ndi nkhani ya pakati pa anthu awiri, imene malo ake ndi khoti, ndipo wokongola amene amadziwa zimenezi amangoseka mumtima akaona dzina la polisi. Chachiwiri ndi kuopseza kuti mudzaulula ngongoleyo kwa makolo, pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp la amalonda. Zimenezo zikhoza kukutembenukirani kukhala mlandu woipitsa mbiri ya munthu, ndipo makasitomala anu ena amene amawerenga amayamba kudzifunsa kuti mudzawachita chiyani iwo tsiku limene adzachedwe.

Musalembe mawu akuti khoti musanakonzeke kupitako. Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira zaka zapitazo, pamene ndinalembera mwini malo ena ogona alendo kalata “yomaliza” katatu konse. Atalandira yachiwiri anali atadziwa kale kuti mawu anga alibe mano, ndipo ndalama zinatenga pafupifupi chaka kuti zibwere. Choncho musanatumize kalata yachitatu, pitani ku ofesi ya kalaliki wa khoti la majisitireti mukafunse ngati kuchuluka kwa ndalama zanu kuli m’malire a milandu imene khotilo limaweruza, ndalama zolembetsera mlandu, ndi mapepala amene amafuna. Makhoti a majisitireti ali ndi malire a ndalama malinga ndi udindo wa majisitiretiyo, ndipo zopitirira malirewo zimapita ku khoti lalikulu, limene lili ndi ofesi muno mu Zomba, koma kumeneko n’kovuta kuyenda popanda loya. Mufunikanso kudziwa dzina lenileni limene bizinesi kapena sukuluyo inalembetsedwa nalo, chifukwa dzina la pachikwangwani nthawi zina limasiyana ndi la m’mapepala, ndipo samani yolembedwa dzina lolakwika imakubwezani m’mbuyo. Lamulo limapereka zaka zisanu ndi chimodzi zosumira ngongole yochokera pa mgwirizano, koma pa bizinesi yaing’ono ndalama imene yagona miyezi isanu ndi umodzi yakhala itapha kale mpamba.

Mukawerengera n’kuona kuti ngongoleyo ndi yaing’ono moti mlandu ungadye zambiri kuposa zimene mukufuna, tchulani chinthu china chimene mungachitedi, monga kuleka kumupatsa katundu wa ngongole mpaka kalekale kapena kupereka nkhaniyo kwa loya kuti alembe kalata yake. Chilango chaching’ono chimene chichitikedi chimagwira ntchito kuposa chachikulu chongolankhula.

Akayankha

Pa 12 Meyi mwini sukulu anaimba yekha, mawu ake ali ozizira pang’ono. Anati, “Mayi, zoti mpaka kukhoti? Si ife anthu amodzi?” Ndinayankha kuti, “Ndife amodzi ndithu bambo, n’chifukwa chake ndinalemba katatu ndisanapite kulikonse. Ndingabwere liti kuti tikambirane?” Funso lotere limachotsa nkhani pa kukhumudwa n’kuibwezera pa kalendala.

Tinakumana tsiku lotsatira mu ofesi yawo. Anafotokoza kuti makolo ambiri anali asanamalize fizi ndipo anapempha kulipira kawiri. Kuvomera dongosolo lotere si kugonja, malinga likhale lolembedwa, magawo ake akhale ochepa, ndipo gawo loyamba ligwe tsiku lomaliza la m’kalata yanu lisanafike, kuti muone ngati munthuyo ali ndi mtima wolipira. Tinalemba pa tsamba limodzi kuti sukulu ikuvomera kuti ili ndi ngongole ya K1,240,000 pa invoyisi 0147, kuti idzalipira K640,000 pa 20 Meyi ndi K600,000 pa 5 Juni, ndiponso kuti gawo limodzi likaphonyeka, zotsala zonse zidzafunika nthawi yomweyo ndipo zimene zinalembedwa m’kalata ya pa 8 Meyi zidzatsatira. Anasayina, a basala anasayina ngati mboni, ndipo anadinda chidindo cha sukulu. Pepala limeneli ndi lamphamvu kuposa makalata onse atatu aja, chifukwa mmenemo wokongola wavomera ndi dzanja lake kuchuluka kwa ngongoleyo.

K640,000 inalowa pa 20 Meyi monga tinagwirizanirana. Gawo lachiwiri silinalowe pa 5 Juni, koma m’mawa wa tsiku limenelo a basala anatumiza uthenga wopempha masiku anayi, akutchula tsiku lenileni, ndipo ndinavomera polemba, popeza munthu amene amayamba yekha kukuuzani kuti achedwa ndi wosiyana ndi amene amazimitsa foni. K600,000 inalowa pa 9 Juni. Tinalemba lisiti yomaliza ndi kalata ya mizere itatu yothokoza, yotsimikiza kuti invoyisi 0147 yalipidwa yonse. Sukuluyo inaodanso matumba 12 a mpunga teremu yotsatira, ndipo pa invoyisi yatsopanoyo tinalemba kuti theka lilipidwe katundu asanakwere galimoto, theka linalo pasanathe masiku 14.